Malikisi Awiri a Kudzanja Lamanja

"Ngati kuchonga ukukudziwa kuposa ine, tenga bolopeni yofiirayi udzipatse 100, ukaonetse abambo ako."

Amenewo anali a Madamu athu a Akaunti, ndipo bolopeniyo anaiponyadi patebulo. Ine ndinali nditaima ndi pepala langa m'manja kwa mphindi khumi, mwina zaka ziwiri, kuwafotokozera kuti andibera malikisi awiri. Pamwamba pa pepalalo panali 48 wamkulu ngati nambala ya basi, woti munthu ali kutauni ku Beatrice atha kumuwerenga osatsinzina diso.

Tinali m'tchalitchi cha pa pulazi yoyandikana ndi yathu, mmene a Madamu amatiphunzitsira masana akaweruka kusekondale. Tilipo asanu ndi awiri, tonse olephera Fomu 4, ofuna kulembanso. Anzanga asanu ndi mmodziwo anali chete, mitu pansi, makutu ali m'mwamba ngati abulu.

Chimene chinkandipweteka ndi ichi. Ine Fomu 4 ndinakhoza maphunziro anayi. Anayi sagula kanthu, kulikonse amafuna asanu. Phunziro lachisanu lomwe ndinatsala pang'ono kulikhoza linali Akaunti. Ababa, amene agwira ntchito ya fodya pa pulazi pano kuyambira dziko lisanaume, anati ndalama yolembetsera mayeso a Novembala ilipo ya phunziro limodzi, koma saitaya m'chitsime kawiri. Anapangana ndi a Madamu kuti andilembetse mayeso oyesera kulembetsa kusanatsekedwe. Ndikapeza 50, alipira. Ndikalephera, ndilowa mu shedi kukasankha fodya ngati ana ena onse a m'komboni. Kulembetsa kunkatsekedwa Lachisanu. Pepala linabwera Lachitatu, lili ndi 48.

Funso lake linali la mwana wa kukireshi. Munthu wayamba bizinesi ndi madola 400 m'bokosi. Wagula katundu wa madola 80, kulipira pompo. Wagulitsa katundu wa madola 150, kulandira pompo. Lemba mu leja, tseka maakaunti, panga tiraya balansi. Leja ndi buku limene chinthu chilichonse chili ndi akaunti yakeyake, yogawidwa pakati: kumanzere debiti, kumanja kirediti. Zimenezi ndinkaziloweza mpaka kumazilota. 400 ndinaiika bwinobwino kumanzere kwa akaunti ya Kashi, ya ndalama za m'bokosi. 80 ndinaiika kumanja, chifukwa yatuluka. Kufika pa 150 ija, ndinailemba kumanja kwa akaunti ya Zogulitsa, zomwe zinali zolondola, kenako ndinabwera ku Kashi n'kuilembanso kumanja, pansi pa 80.

Pamenepo a Madamu anajambulapo mtanda wofiira woti akhristu onse a m'komboni akanakwanapo.

Ine mfundo yanga inali yomveka, ndipo mpaka lero ndimaona kuti loya akanandilemba ntchito. Ndinawauza kuti nambala ndi yomweyo, 150. Deti ndi lomwelo. Akaunti ndi yomweyo, Kashi. Ndinalemba ndi rula, mwaukhondo. Pa zinthu zinayi ndakhoza zitatu, chalakwika ndi kamtunda kochepa ngati chala, kuchoka apa kufika apa. Munthu angapite ku shedi chifukwa cha chala chimodzi? Sindinkapempha zambiri ayi, malikisi awiri a mzere umenewo basi.

A Madamu anandifunsa kuti m'bokosi la munthuyo mwatsala zingati. Ndinayang'ana pepala, ndinati 170. Anati ndisiye pepala, ndiwerenge ngati ndalamazo zili m'thumba mwanga: ndili ndi 400, ndatulutsa 80, wina wandipatsa 150. Ndinati 470. Anati nanga 300 yapita kuti.

Ndinati funsolo silinatchule 300 paliponse, ndipo ndinaisaka m'mayeso muja mpaka thukuta. Izi zinali zoona. Tiraya balansi, ndandanda ija imene umasonkhanitsa zotsala za maakaunti onse kuti uone ngati mbali ziwiri zikufanana, inandikana. Kukirediti kunali 400 ya mwini bizinesi ndi 150 ya zogulitsa, 550. Kudebiti kunali 170 yanga ndi 80 ya katundu wogula, 250. Ndinasakasaka pamene ndasiya 300, osaipeza, nthawi n'kumatha. Ndiye ndinangolemba 550 pansi pa mbali zonse ziwiri, n'kudula mizere iwiri yokongola, kuyembekeza kuti a Madamu adzachonga ali ndi tulo.

Sanachonge ali ndi tulo. Anati 300 sindikanaipeza chifukwa kulibe 300 amene anasowa, ndi 150 yemweyo amene waluma kawiri: koyamba chifukwa sanaonjezedwe kumene amayenera kuonjezedwa, kachiwiri chifukwa wachotsedwa kumene samayenera kuchotsedwa. Anati ndikadzaona kusiyana kotero ndizigawa pawiri, ndisake theka lakelo, nthawi zambiri limakhala litakhala kumbali yolakwika. Anandionetsanso kuti pa 170 paja anandipatsa malikisi ake, chifukwa ndinawerengera bwino kuchokera pa cholakwa changa, ndipo salanga munthu kawiri pa mlandu umodzi. Koma mzere wa 150 sungapeze kanthu.

"Mbali ndiye yankho lenilenilo," anatero. "Nambala ndinakupatsa ndine m'funso, wangokopera. Chimene ndinkakufunsa ndi chakuti ndalamayi yalowa kapena yatuluka. Iwe wayankha kuti yatuluka."

Za 550 wabodza uja anati asanene zambiri chifukwa tili m'tchalitchi.

Apa m'pamene ndinalakwitsa zenizeni. M'malo mokhala chete, ndinati si vuto langa, ndi buku la ababa.

Ababa ndi msungichuma wa bungwe la maliro la m'komboni mwathu. Aliyense amasonkha kumeneko, a tchalitchi ndi a gule omwe, chifukwa bokosi la maliro silifunsa kuti unkapemphera kuti. Maso awo anayamba kuvuta ndili Fomu 1, ndiye kuyambira pamenepo wolemba m'buku ndine, iwo amalandira ndi kuwerenga ndalama. Buku lake ndi lachikuto cholimba, lakuda. Ukalitsegula, tsamba lamanja ndi la ndalama zolandira, lamanzere ndi la zotuluka: matabwa, misomali, ufa, thiransipoti. Analiyamba motero ndi agogo anga aamuna, amene anabwera wapansi kuchokera ku Malawi. Tsiku loyamba ndinafuna kuyamba kulemba kumanzere ngati kusukulu, ababa anandimenya kadzanja. Anati chinthu cha munthu umalandira ndi dzanja lamanja, makamaka ndalama ya maliro. Kulandira ndi kumanzere n'kunyoza wopereka.

Ndiye taganizani. Lamlungu kunali kusonkha kwa pamwezi, ine ndinalemba mabanja onse a m'komboni, kulandira kumanja, kulandira kumanja, mpaka dzanja linayamba kuyenda lokha ngati la wosoka matumba. Lolemba mayeso. Mutu unkadziwa kuti ndalama yolowa m'bokosi ndi debiti, kumanzere. Koma nditangowerenga mawu oti walandira, dzanja linapita kwawo osandiuza.

A Madamu anamvetsera zonsezi osaseka. Anati n'zomveka, koma wochonga wa Novembala sadziwa agogo anga.

Kunyumba ndinayenda ulendo wa mphindi makumi atatu kwa maola asanu ndi limodzi. Fungo la fodya wa m'mabalani linkandilonjera kuchokera kutali ngati likudziwa kale kuti ndine wawo. Ndinapeza ababa atakhala pa chitini panja akuchotsa magambutsu. Ndinagwada n'kuwapatsa pepala, ndi manja awiri, kuti mwina ulemu uonjezere malikisi. Analiika patali ndi maso, anaona 48, anandibwezera.

Ndikanasiya pomwepo. Koma kamwa yanga ili ngati mpopi wa pa bowa, chitsime chathu cha m'komboni, ukatsegula kuti utseke mpaka uitane anthu. Ndinati ndikanakhoza, koma buku lawo lija ndi lotembenuka, dziko lonse lapansi limalemba zolandira kumanzere, ndife tokha m'komboni muno amene timalemba chagada, ndipo zaka zinayi akhala akundiphunzitsa zolakwika.

Amayi anali akutsuka mbale, anasiya. Ababa sanakalipe. Anangofunsa kuti wanena zimenezo ndani, aphunzitsi kapena ine. Ndinati aphunzitsi. Limeneli linali bodza, kapena tinene kuti theka la bodza, koma linatuluka lathunthu.

Madzulo amenewo sanadye bwino. Anatulutsa buku lakuda lija m'sutukesi, n'kumalitsegula tsamba ndi tsamba ngakhale sakuona manambala. Ine ndinkaganiza kuti akwiyira ine. Amayi ndi amene anandikokera kuseri n'kundiuza kuti ndine chitsiru: munthu wasunga ndalama za maliro a anthu zaka zonsezi popanda womuloza chala, lero mwana wake yemwe akumuuza kuti buku lake ndi lolakwika, ndikuganiza kuti agona? Anati ngati mawu amenewo atuluka pakhomo pano n'kufika kwa anthu osonkha, sadzamva zoti kumanja kapena kumanzere, adzangomva zoti buku la msungichuma lili ndi vuto.

Lachinayi ababa anapempha kwa foromani kuti aweruke msanga. Anavala jekete la kutchalitchi, dzuwa likuswa mtengo, anaika buku m'pepala la pulasitiki, anati tiye. Njira yonse ine kumbuyo, kupemphera kuti a Madamu adwale pang'ono, osati kwambiri, chimfine chabe.

Anali bwinobwino. Anatulutsa anzanga panja, anapatsa ababa benchi. Analonjerana m'Chishona, ababa akuomba m'manja, chipewa pabondo. Kenako ababa anaika buku patebulo, anati amva kuti ndi lolakwika, ndiye abwera kuti awaonetse polakwikapo akonze anthu asanadziwe. Za malikisi anga sanatchule n'komwe.

A Madamu anandiyang'ana kamodzi. Ndinafuna kulowa pansi pa guwa.

Analitsegula, anawerenga masamba angapo, anaphatikiza mwezi umodzi pa foni yawo, anafunsa kuti m'bokosi muli zingati pano. Ababa anatchula osaganiza. Zinafanana ndi buku mpaka kasenti.

"Baba, buku lanu lilibe vuto," anatero. "Ndikanakonda mabuku onse akanakhala chonchi."

Anafotokoza kuti buku la ababa lili lokha, siliyankhana ndi buku lina, ndipo aliyense wolitsegula amadziwa kuti kumanja n'kolandira. Bola osasintha pakati. Koma mu leja chinthu chilichonse chimalembedwa kawiri, kwina debiti kwina kirediti, kuti maakaunti azilonderana okhaokha, ndipo anthu onse a ntchito imeneyi anagwirizana kalekale mbali yake. Mwana wawo, anatero, analemba 150 kukirediti kawiri, debiti palibe, ndiye buku linayamba kunena kuti m'bokosi muli 170 pamene muli 470. Kukhala pa ntchito, munthu atha kutenga 300 m'bokosimo, akaunti ya Kashi n'kumavomereza kuti zonse zili bwino.

Ine ndinaona kampata. Ndinati komabe nambala inali yolondola.

Ababa anatembenuka pa benchi paja. Anakokera buku kwa iwo, analitsegula pa Lamlungu lapitali, anandiuza kuti ndiwerenge mzere wachitatu kumanja. Unali wa amayi ena amasiye a kumapeto kwa komboni, amene amasonkha ndi ndalama ya maricho, yolimira anthu m'minda, nthawi zina yamakobiri okhaokha omanga pakansalu.

"Ukanawalemba tsamba ili," anatero ababa akugogoda kumanzere, "buku likanati chiyani?"

Ndinati likanati atenga.

"Apereka kapena atenga?"

Ndinati apereka.

"Ndiye tsiku la maliro awo, anthu atsegula buku, apeza kuti mwezi uno sanasonkhe, anachita kutengamo. Iwe udzaimirira pamenepo n'kunena kuti koma nambala ndi yomweyo?"

Sindinayankhe. M'moyo wanga wonse, kuyambira tsiku limene ndinabadwa ndikulankhula kale, aka kanali koyamba. Chimene chinandiwawa n'chakuti munthu amene sanaonepo leja anamva nkhaniyi mphindi zisanu, ine miyezi iwiri ya maphunziro a masana ndi zaka ziwiri za kusukulu ndikukangana ndi chala.

A Madamu, ndiwapatse ulemu wawo, anayesa. Anati mwanayu mutu ali nawo, 48 si patali, mpaka Novembala atha kufika, ndipo iwo sangasinthe malikisi koma pangano ndi la ababa, atha kulifewetsa. Mtima wanga unadumpha mpaka kudenga la malata.

Ababa anafunsa za mizere iwiri yokongola ija pansi pa pepala, chifukwa ngakhale maso awo ndi ofooka, chofiira chozungulira 550 anachiona. A Madamu anazengereza, kenako anawauza zoona: mbali imodzi inali 250, ine ndinalembapo 550 kuti zioneke ngati zafanana.

Ababa anatseka buku lawo, analibweza m'pulasitiki, anathokoza a Madamu, anavala chipewa. Tinayenda mpaka kudutsa damu. Pamenepo anati dzanja kupita kolakwika akanamva, poti analiphunzitsa ndi iwo, ndipo mwina akanalipira. Koma kuona kuti sizikugwirizana n'kulembapo nambala yoti anthu asaone, kenako kubwera kunyumba kudzanamizira aphunzitsi ndi buku la agogo, zimenezo sanandiphunzitse ndi iwo. Anati Lolemba ndikaonane ndi foromani. Ndalama ya mayeso ndidzaipeza ndekha mu shedi, ndidzalembe chaka chamawa ngati ndidzakhale ndikufunabe.

Anatinso buku la maliro kuyambira pano azilemba ndi mlongo wanga wa Fomu 1.

Chimenecho sindinachiyembekeze. Shedi ndinkaiopa, koma ija ndinkaidziwa kuti ikubwera. Buku lija ndinkadandaula nalo mwezi uliwonse, kuti anzanga ali ku bhora kumenya mpira ine ndili pa mphasa kulemba makobiri a anthu, koma Lamlungu lotsatira la kusonkha ndikadzaona kamtsikana kaja katakhala pamalo panga, anthu adzafunsa chifukwa chake, ndipo m'komboni muno funso silimagona ndi njala.

Lachisanu linadutsa ngati tsiku wamba. Palibe belu linalira. Anzanga asanu ndi mmodzi aja, anayi analembetsa, mmodzi mwa iwo anapeza 51 ndipo sadziwa kugwira rula.

Tsopano ndili mu shedi sabata yachitatu. Timayamba m'mawa kukadali mame, fodya akadali wofewa, kusankha tsamba ndi tsamba, lachikasu uku, lofiirira uku, lamawanga uko, lothyoka pansi. Fumbi lake limalowa mpaka m'maganizo, ndikayetsemula panja nkhuku zimaledzera. Amayi amene ndimakhala nawo pa tebulo amanditcha akauntanti, ndipo ndikaponya tsamba mulu wolakwika amafuula kuti abale, wayambanso. Nkhani inafika kale, sindikudziwa anaibweretsa ndani, ndikukayikira wa 51 uja. Ababa amadutsa ndi mabelo osandiyang'ana, koma tsiku lina ndinapeza chidutswa cha buledi m'thumba la jekete langa, ndipo amayi akuti si iwo.

Ndalama yoyamba ndikalandira ndaganiza zoikako pambali ya mayeso. Ndinagula kabuku kakang'ono ku takishopu, ndinadula mzere pakati, ndinalemba Kashi pamwamba. Mulibe kanthu mpaka pano. Nthawi zina ndimakatsegula n'kuyang'ana kumanzere kuja kuti dzanja lizolowere njira.

Lamlungu lapitali ndinajambula pepala lija ndi foni, pomwe pali mtanda wofiira, n'kuliika pa sitatasi. Ndinalemba kuti: munthu woyamba m'mbiri ya Mashonaland kutumizidwa ku fodya chifukwa cha ulemu wolandira ndi dzanja lamanja. Ndinkafuna anthu aseke, andimvere chisoni pang'ono, mwina wina anene kuti a Madamu ndi ankhanza. Anaona anthu ambiri, ena anaika tinkhope toseka. Amene analemba mawu ndi mmodzi, mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi kuyambira Giredi 3. Iye anasiya chaka chatha ali ndi maphunziro anayi ngati ine, anapita ku Mutorashanga kukakumba miyala ya kiromu ndi amalume ake, akuti kwa miyezi itatu kuti apeze ya mayeso, koma mpaka lero akadali komweko.

Anayankha kuti: "Shamwari, 150 yako ili kolakwika, ngakhale ine ndikuona ndili kuno kudzenje, usavutitse Madamu. Chotsa 550 uyo anthu asamuone. Ndipo ndalama yoyamba ukalandira ukawapatse a Madamu akusungire, usaisunge wekha. Ine yanga ndinasunga ndekha."